Katoni ya ufa wa phala pa Mphunzi: ipindeni musanaisindikize

Ukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Lilongwe pa msewu wa M1, phiri la Chongoni limakhala kudzanja lamanja, ndipo ukayendako ndithu umapeza msewu wafumbi wopatukira kumanzere. Msewu umenewu ndiwo umakakutula pa Mphunzi. M'nyengo yozizira mphepo ya kuno imalowa m'mafupa, nkhungu imachedwa kuchoka, ndipo m'mphepete mwa njira mumakhala matumba a mbatatesi, nyemba ndi soya odikira ogula. Alendo ambiri amabwera kudzaona zithunzi zakale za pamiyala ya phiri la Mphunzi. Zithunzizi zili m'gulu la malo 127 a m'dera la Chongoni amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina n'zofiira, zojambulidwa ndi Akafula, zina n'zoyera, za makolo a Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule.

Ine ndidapitira zina. Amayi a gulu lina la m'mudzi wa kumunsi kwa phirilo amakazinga soya, kumusakaniza ndi chimanga n'kugayitsa ufa wa phala, ndipo kwa nthawi yaitali akhala akugulitsa ufawo m'mapepala a pulasitiki omata kachizindikiro. Tsopano akufuna kulowa m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, kumene amafuna katundu wopakidwa mooneka bwino ndi wokhala ndi bakhodi. Mnyamata wina wa pa boma, mwana wa mlongo wa amayi apampando, adawajambulira katoni pakompyuta. Tsiku limene ndidafika ndi limene chojambulacho chimaunikidwa asanachitumize kwa osindikiza, ndipo wochiunika adali bambo wina wachikulire wa m'mudzi momwemo amene adagwirapo ntchito zaka zambiri m'kampani yosindikiza makatoni ku Blantyre.

Nyumba ya gululi ndi ya njerwa zootcha, ya zipinda ziwiri. Ukangolowa fungo la soya wokazinga limakulandira. Kumanzere kuli mabeseni, sefa ndi malichero. Pakona pali sikelo ndi kachipangizo komatira pakamwa pa timatumba ta pulasitiki. Pathandala pali matumba a ufa wosakaniza kale, magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya, monga amachitira ndi Likuni Phala. Chipinda chachiwiri chili ndi zenera limodzi lalikulu, ndipo tebulo adalikokera pansi pa zeneralo. Patebulo padali pepala lalikulu lamitundumitundu, rula yachitsulo, lumo, lezala, bolopeni yotha inki, guluu wa mapepala, ndi kathumba kamodzi ka ufa kolemera magalamu 500.

Pepala lija ndilo osindikiza amalitcha dayilaini. Ndi katoni yonse itaphwasulidwa n'kuigoneka chafufumimba, yokhala ndi mizere ya mitundu iwiri pamwamba pa zithunzi ndi malemba. Mzere wosadukiza umasonyeza pamene mpeni udzadule, ndipo mzere wodukizadukiza umasonyeza pamene padzapindike. Ku fakitale amatenga mizereyi n'kupangira chodulira: thabwa lolimba limene amakhomamo timipeni tachitsulo, takuthwa todula ndi tobuntha tongodinda mkwasa wopindira. Chodulira chikapangidwa, mizere siingasinthenso, pokhapokha mulipire china. N'chifukwa chake madala aja adayamba ndi kunena kuti telala wanzeru amayamba wadula pepala asanaike lumo pansalu ya mwini wake.

Asanayang'ane zithunzi, adatenga rula n'kuyeza nkhope ya katoni. Mnyamata uja adali atalemba kuti kutsogolo n'kotambalala mamilimita 120, m'mbali 55, ndipo msinkhu ndi 170. Rula idawerenga 110.

“Mwana wanga, pepala ili walisindikiza kuti?”

“Pa boma, agogo. Pa pepala la A3.”

Madala adatenga pensulo n'kuwerengera pambali. M'litali, katoni yophwasula ili ndi kamlomo ka guluu ka mamilimita 15, kenako zigawo zinayi za 120, 55, 120 ndi 55, zonse pamodzi 365. Kuchoka pamwamba kufika pansi pali msinkhu wa 170, kuwonjezera chivindikiro cha 55 ndi lilime lake la 15 kumwamba, ndi zina zotero kunsi, zonse 310. Pepala la A3 ndi la mamilimita 420 ndi 297. Choncho 365 ikukwana, koma 310 siikwana pa 297. Wosindikiza wa pa boma, pofuna kuti chilichonse chioneke, adasiya chizindikiro pa Fit to page m'malo mwa Actual size, ndipo makina adachepetsa chojambula chonse kufika pa magawo 92 pa 100 alionse, n'kusiya mpata m'mphepete.

Wina angati kuchepa kotereku n'kwapang'ono, koma katoni imachepa mbali zitatu nthawi imodzi. Katoni yoyenera kulowa lita imodzi ndi pang'ono idatsika kufika pansi pa mamililita 900. Madala atadula pepala lija, n'kulipinda, amayi apampando adayesa kulowetsa kathumba ka ufa. Kadalowa mokakamiza, mimba ya katoni idatupa, chivindikiro chidakana kutseka. Akadapanda kuyeza, bwenzi gulu litauza mnyamata kuti akulitse katoni imene idali kale yokwanira, ndipo akadalipira pepala lambiri pachabe. Malangizo awo adali akuti pambali pa chojambula chilichonse pazikhala kamzere kolembedwa kuti ndi mamilimita 100, kuti aliyense wolandira pepala ayambe waikapo rula. Chojambula chikaposa pepala, achisindikize pa mapepala awiri pa msinkhu wake weniweni n'kuwalumikiza.

Kuti ntchito isaime, adatembenuza kalendala yakale ya pepala lochindikala, najambulapo mizere ya miyeso yeniyeni. Podula adagwiritsa lezala motsamira rula, ndipo popinda adayamba adinda mkwasa ndi bolopeni yotha inki ija, kuti pepala lisathetheke. Mu katoni yoyera imeneyi kathumba kadalowa bwinobwino, n'kutsala mpata wa chala chimodzi pamwamba wopindirapo pakamwa pa pulasitiki. Kenako adainyamula m'mwamba n'kuigwedeza kawiri. Kunsi kudatseguka, kathumba kadagwera patebulo, ndipo amayi onse adaseka. Madala sadaseke. Adati lilime longolowetsa limakwanira katoni ya mankhwala otsukira mano, osati theka la kilogalamu ya ufa imene idzagwedezeke pa kabaza kuchoka pano kukafika pa tala. Kunsi kuyenera kukhala kwa zigawo zinayi zokolana, kapena komata ndi guluu. Ichi n'chosintha mizere yodula, ndiye chiyenera kugamulidwa chodulira chisanapangidwe.

Titatero tidabwerera ku katoni yamitundu ija, popeza ngakhale idali yochepa, chilichonse chidali pamalo pamene mnyamata adachiika. Ili chigonere patebulo inkaoneka bwino kwambiri: chithunzi cha phiri chotambalala, mbale ya phala yofuka nthunzi, dzina la ufa m'zilembo zikuluzikulu. Itaimirira, zinthu zidasintha.

Choyamba kuoneka chidali msoko. Katoni yotere imamatidwa pamalo amodzi, pamene kamlomo ka guluu kamalowa kunsi kwa chigawo chomaliza, ndipo pamenepo m'mphepete mwa pepala mumaonekera ngati kamzere koyera. Mnyamata adayamba ndi nkhope pafupi ndi kamlomo, choncho msoko udagwera pangodya yakutsogolo, pamene diso la wogula limayambira. Madala adalemba ndondomeko ina: kamlomo, msana, mbali, nkhope, mbali. Mukatero msoko umapita kungodya yakumbuyo. Adawonjeza kuti chigawo chomaliza achichepetse ndi theka la milimita kapena imodzi, chifukwa pepala lili ndi kuchindikala kwake, ndipo likapanda kuchepetsedwa limatulukira kunja kwa ngodya n'kumakola anzake m'bokosi.

Kamlomo komweko kadali ndi vuto lina. Mnyamata adakapaka mtundu wofiirira wa katoni yonse poopa kuti pangaoneke poyera. Koma guluu amagwira ulusi wa pepala, ndipo pamwamba pa inki ndi vanishi amangokhala ngati wagwira. Katoni zotere zimatuluka ku fakitale zili bwino, n'kudzayasamula zitakhala m'nyumba yachinyezi, ndipo chinyezi ku Dedza sichisowa. Madala adatenga zidutswa ziwiri, chopaka mtundu ndi choyera, namata chilichonse pa pepala lina. Titadikira kuti ziume, chopaka mtundu chidamatuka chosalala, pamene choyera chidang'amba pepala pomatuka. Guluu wagwira pokhapokha pepala likang'ambika. Mtundu uyenera kungolowa mamilimita atatu pa kamlomo, kwinako kukhale koyera.

Mamilimita atatu amenewa adabweranso kawiri. Mpeni wa makina sugwera pamzere ndendende nthawi zonse. Umatha kusuntha milimita imodzi uku kapena uko. Choncho kulikonse kumene mpeni udzadule, mtundu uyenera kupitirira mzere ndi mamilimita atatu, apo ayi makatoni ena adzatuluka ndi kamzere koyera m'mphepete. Ndipo malemba onse ayenera kutalikira mzere wodula kapena wopinda ndi mamilimita atatu kapena kuposa, madala adati iwo amakonda asanu. Pa katoni ya mnyamata, chilembo chomaliza cha dzina la ufa chidali chitatsamira mkwasa, moti itapindidwa mwendo wake udakhotera m'mbali. Pachivindikiro padali mawu othokoza ogula, amene pakompyuta adali choongoka, koma katoni itatsekedwa adasanduka chadodolido kwa munthu woima kutsogolo. Chivindikirocho chidamera kumsana, ndiye malemba ake pa pepala logona amayenera kulembedwa mozondoka kuti adzaongoke chikapindidwa. Palibe amene adaona zimenezi pa foni pamene mnyamata ankatumiza chithunzi ku gulu.

Nkhani yaitali idali ya bakhodi. Mnyamata adaona mpata woyera pakati pa malemba a kumsana ndi a m'mbali, naiika pamenepo, ndipo pa pepala logona inkaoneka kuti yakhala pabwino. Koma pakati pa mpatawo ndi pamene pamadutsa mzere wopinda. Katoni itaimirira, timizere tambiri tidatsala kumsana, tina tidakhotera kuseri kwa ngodya. Sikana ya pa tilu imawerenga kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena pamalo osalala; bakhodi yopindika pangodya ili ngati palibe.

Madala adafotokoza pang'onopang'ono mmene kachinthuka kamagwirira ntchito. Bakhodi ya m'masitolo, ya manambala 13, imatchedwa EAN-13, ndipo miyeso yake imaikidwa ndi bungwe la GS1. Pa msinkhu wake wokhazikika, kamzere kochepetsetsa n'kotambalala mamilimita 0.33, ndipo chizindikiro chonse chimatenga mamilimita 37.29 m'litali ndi pafupifupi 26 mu msinkhu. M'litalimo mwawerengedwa kale mipata iwiri yoyera, wa mamilimita 3.63 kumanzere ndi wa 2.31 kumanja. Mipata imeneyi si yokongoletsa. Ndi imene imauza sikana pamene chizindikiro chayambira ndi pamene chathera. Mnyamata adali ataizinga bakhodi ndi kampanda kokongola ka timakona, kogunda timizere mbali zonse ziwiri, ndipo kwa sikana kampandako kakadawerengedwa ngati mzere wina wowonjezera.

Bakhodi imaloledwa kuchepetsedwa, koma osapitirira magawo 80 pa 100, pamene imakhala ya mamilimita pafupifupi 30 m'litali. Mnyamata adali atafika kale pa malire amenewa, kenako adadulanso msinkhu wa timizere ndi theka kuti papezeke malo a nambala ya foni. Timizere tikafupika, wogulitsa amayenera kulunjikitsa katoni bwinobwino kuti kuwala kudutse tonse, ndipo pa tilu ya anthu ambiri palibe amene ali ndi nthawi yotero. Onjezerani kuchepa kuja kwa pa boma: 92 pa 100 ya 80 ndi pafupifupi 74, pansi pa malire. Madala adati pa katoni ya mamilimita 120 palibe chifukwa chopanikizira; aike bakhodi ya msinkhu wonse, chifukwa inki ikamwazika pang'ono papepala, timizere tating'ono ndi timene timayamba kugundana.

Kenako mtundu. Pofuna kuti katoni igwirizane ndi zithunzi za m'phiri, mnyamata adasindikiza timizere mofiira ngati katondo.

“Komatu agogo, ndayesa ndi foni yanga, ikuwerenga,” adatero, natulutsa foni. Pa pepala lina logona limene adasunga, foni idaliradi n'kuonetsa manambala.

Madala adatuma mwana kuti akatole kapepala kofiira koonekera, kokulungira switi. Adakaika pamwamba pa bakhodi n'kutiuza kuti tisuzumire mmodzimmodzi. Timizere tidazimirira, pafupifupi kufanana ndi pepala. Dzina la ufa, lolembedwa ndi inki yakuda, lidaonekabe bwino. Kamera ya foni imaona mitundu yonse monga diso, koma masikana ambiri a m'masitolo amawalitsa kuwala kofiira, ndipo pansi pa kuwala kofiira chinthu chofiira chimaoneka choyera. Choncho timizere tikhale takuda, kapena tabuluu kapena tobiriwira todera kwambiri, pamalo oyera. Takudato tisindikizidwe ndi inki yakuda yokha, osati yosakaniza mitundu inayi, chifukwa mitundu ikaphonyana pang'ono m'makina timizere timachita mthunzi.

Nanga ikhale pati? Madala adatembenuza katoni yoyera ija, najambula kabokosi kumsana, kumunsi, chakumanja. Malangizo a GS1 amakonda malo amenewa, ndipo amati chizindikiro chisayandikire m'mphepete kuposa mamilimita 8. Adayeza 10 kuchoka pa mkwasa wa m'mbali ndi 10 kuchoka pa wakunsi. Mayi wina adafunsa chifukwa chosaibisira kunsi kwa katoni, kumene sikuoneka. Yankho lidali lakuti kunsi kwa katoni iyi kudzakhala zigawo zokolana, zosasalala, ndipo ndi kumene kumakhuzika pashelefu ndi kunyowa. Za manambalawo, madala adafunsa kumene adachokera. Mnyamata adati adangolemba oyerekeza. Pa chitsanzo palibe mlandu, koma adamuuza kuti alembe pambali ndi zilembo zofiira kuti nambala si yeniyeni, chifukwa nambala yongopeka ikhoza kukhala ya katundu wa munthu wina, ndipo tilu idzatulutsa dzina ndi mtengo wa katundu ameneyo. Nambala yeniyeni imachokera ku GS1, ndipo katoni ya magalamu 500 ndi ya kilogalamu imodzi iliyonse imafuna yakeyake.

Dzuwa litapendeka, madala adati tituluke, katoni sitingaiweruze patebulo pokha. Tidadutsa pa mjigo ndi pa bwalo la mpira, mpaka pa kagolosale ka m'mphepete mwa msewu wopita ku mishoni ya CCAP. M'katimo mudali mdima pang'ono, monga mwa magolosale ambiri, ndipo katundu adali kuseri kwa kauntala ndi waya. Mwini golosale adatilola kuika katoni pashelefu, pakati pa shuga ndi masamba a tiyi. Atangoikapo, mbali zonse ziwiri zidabisika ndi katundu woyandikana naye, msana udayang'ana khoma, ndipo chotsala chidali nkhope yokha.

“Mayi, tandiuzani, mukatonimo muli chiyani, ndipo n'cholemera bwanji?” madala adafunsa mayi wina amene adabwera kudzagula mchere.

Mayiyo adayang'anitsitsa, nati akuona phiri ndi mbale ya phala, koma ngati ndi ufa wa soya kapena wa mtedza sakudziwa, ndipo kulemera sakukuona. Adanena zoona. Pankhope padali dzina lokometsera lokha. Mawu akuti ufa wa chimanga ndi soya adali m'mbali, ndipo magalamu 500 adali pachivindikiro chakunsi.

Apa ndi pamene lamulo limalowa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi muyezo wa MS 19 wonena za malemba a pa zakudya zopakidwa. Zimene katoni ya chakudya iyenera kunena n'zodziwika: dzina lenileni la chakudya, mndandanda wa zosakaniza, kulemera kwa za m'kati popanda katoni, dzina ndi keyala ya opanga, dziko kumene chapangidwa, nambala ya mtanda umene chapangidwira, tsiku lothera mphamvu, ndi kasungidwe kake. Malamulo a Codex Alimentarius, amene maiko ambiri amatsatira, amati dzina la chakudya ndi kulemera kwake zikhale poonekera, pamene diso lingazione zonse ziwiri nthawi imodzi. Madala adatenga pensulo pomwepo pa kauntala, nalemba pansi pa dzina lokometsera kuti ufa wa phala wa chimanga ndi soya, ndipo kumunsi kwa nkhope adalemba 500 g, motalikira mkwasa.

Mndandanda wa zosakaniza udalinso ndi zake. Mnyamata adayamba ndi soya chifukwa ndiye wonyaditsa, koma ndondomeko imayendera kulemera, chochuluka poyamba. Mu ufa uwu chimanga ndicho chiyambe. Mndandandawo udayambira kumsana n'kukathera m'mbali, kudumpha mkwasa, moti wowerenga kumsana sakadaona n'komwe mawu omaliza. Madala adati mndandanda, kaphikidwe ndi kasungidwe zikhale pa chigawo chimodzi chilichonse, osadumpha ngodya, ndipo soya alembedwe mooneka, chifukwa alipo anthu amene thupi lawo limadana naye. Adafunsanso amayi ngati chigayo chimene amagayitsako chimagayanso mtedza, kuti ngati n'choncho katoni ichenjeze. Pa chithunzi cha khanda chimene chidali m'mbali, amayi apampando okha adagamula kuti chichoke: kuchipatala amaphunzitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo katoni yawo isaoneke ngati ikunena zina.

Mumdima wa golosale zidadziwikanso kuti keyala ya gulu, yolembedwa ndi tizilembo toyera pa mtundu wofiirira, siinkawerengeka. Tizilembo toyera timapangidwa posiya mpata pakati pa inki, ndipo inki ikamwazika mpatawo umatsekeka. Ku Ulaya lamulo la 2011 limati tizilembo ta malemba okakamizidwa tisachepere mamilimita 1.2 mu msinkhu, ndipo madala adati muyezo umenewo ndi wabwino kuubwereka. Malemba a lamulo akhale akuda pamalo owala. Keyalayo idali itayandikiranso m'mphepete mwa chigawo chomaliza, pamene pali msoko ndi mpeni, malo oipitsitsa kuikapo tizilembo.

Tili pobwerera, amayi osunga chuma adafunsa za tsiku lothera mphamvu, popeza ufa amagayitsa mwezi ndi mwezi pamene makatoni adzasindikizidwa zikwi nthawi imodzi. Mnyamata adali atalemba tsiku m'chojambula momwemo, kutanthauza kuti makatoni onse akadanena tsiku limodzi. Titafika patebulo madala adajambula kabokosi ka mamilimita 40 ndi 15, kopanda kanthu, ka tsiku ndi nambala ya mtanda, kodzadinda ndi chidindo pa tsiku lopakira. Adalembapo kuti pasapakidwe vanishi, ndipo adationetsa chifukwa chake podinda chidindo cha gulu pa chikuto chonyezimira cha kalendala n'kupitsapo chala: inki yonse idafufutika. Kabokosiko adakaika kumsana, pamwamba pa bakhodi koma kunja kwa mipata yake yoyera, osati palilime limene limabisika katoni ikatsekedwa kapena kung'ambika ikatsegulidwa. Adati adinde katoni ikadali yogona, isanalowe ufa, chifukwa chidindo pa katoni yodzaza chimangobonyola.

Chomaliza chidali chizindikiro cha bungwe la miyezo, chimene mnyamata adachikopera pa paketi ina n'kuchiika pankhope. Madala adachikhwatcha ndi pensulo. Chizindikirocho chimaikidwa ndi okhawo amene bungwelo layendera malo awo, kuyeza katundu wawo ndi kuwapatsa chilolezo. Pakadali pano pangosiyidwa malo ake, ndipo chojambula chokonzedwa apite nacho ku bungweko akachione asanalipire osindikiza. Za chithunzi choyera cha m'phanga chimene mnyamata ankafuna kuika pachivindikiro, amayi achikulire adati ayambe afunsa anamkungwi ndi mafumu, pakuti si zonse za kuchinamwali zoyenera kuyenda pa katoni ya ufa. Chithunzi cha phiri lokha adachivomereza.

Mnyamata adalemba zonse kuseri kwa pepala lake: kunsi kokolana, msoko kumbuyo, kamlomo koyera, mamilimita atatu kunja ndi asanu m'kati, chivindikiro chozondoka, bakhodi yakuda ya msinkhu wonse kumsana, dzina ndi kulemera pankhope, kabokosi ka tsiku kopanda vanishi. Madala adamuuza kuti potumiza ku fakitale mizere yodula ndi yopinda ikhale payokha, ya mtundu wakewake wolembedwa kuti si wosindikiza, kuopa kuti ingatuluke pa katoni ngati chokongoletsa. Adamuuzanso kuti apemphe fakitale imutumizire dayilaini yawo ndi katoni imodzi yoyera yodulidwa pa pepala lenilenilo, chifukwa iwo ndi amene akudziwa kuchindikala kwa pepala lawo ndi mmene makina awo amapindira.

Zolakwika zambiri za tsiku limenelo zidapezeka ndi rula, lezala, kathumba ka ufa, kapepala ka switi ndi shelefu ya golosale, ndipo palibe chimodzi chimene chinkaoneka pa foni. Inu a magulu a uchi, chiponde, ufa ndi tiyi wa chidede amene mukukonzekera makatoni, musavomereze chojambula chifukwa chakongola chili chigonere. Chisindikizeni pa msinkhu wake weniweni, muchiyeze, muchidule, muchipinde, muikemo katundu wanu, mukachiimike pashelefu pakati pa katundu wina, ndipo mupite nacho pa tilu ya sitolo kuti sikana yeniyeni iyese bakhodi. Mukatero ndiye musayine, chodulira chipangidwe.